Momwe mungawauzire anzanu a m'kalasi kuti mupange manotsi amodzi, aliyense ndi topiki yake

Ife a Folomu 4 ya openi kuno ku Mangochi boma timalowa m'kalasi masana ana a m'mawa akaweruka, ndipo ambirife ndi anthu akuluakulu oti tikubwereza MSCE, wina amachokera ku msika akugulitsa usipa, wina wangoimika kabaza, wina amapalasa njinga kuchokera kwa Chimwala dzuwa lili pamutu, ndiye kujomba kumachitika ndithu osati mwadala ayi. Ukajomba umalemba pa gulupu ya WhatsApp kuti abale anditumizireko za lero, wina n'kujambula kope lake mapeji asanu ndi limodzi, chithunzi china chatuluka chamdima, china chala chaphimba mzere womaliza, china chazondoka, ndipo pakatha sabata ziwiri zithunzi zija zakwiririka pansi pa mauthenga a maliro ndi a mpira, sungazipezenso. Ine zinandiwawa tsiku lina ndikufuna manotsi a impso usiku wa mayeso a kalasi, ndinasaka mpaka batire kutha osawapeza. Ndi pomwe tinayamba dokyumenti imodzi ya Bayoloje pa Google Docs, ndipo apa ndikufuna ndikuonetseni momwe tinachitira, makamaka uthenga woyamba uja wouza anzako, chifukwa zambiri zimafera pomwepo.

Chinthu choyamba, musatumize uthenga musanapange dokyumenti. Ine ndinayamba ndalakwitsa apa, ndinalemba kuti bwanji anzanga tipange manotsi amodzi, anthu anayankha kuti ganizo labwino, ena anaika chala chokweza chija, kenako zii, sabata yonse palibe anachita kanthu chifukwa panalibe choti munthu agwire. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndamanga kaye chinthucho, mitu yonse ilimo, maina alimo, topiki imodzi nditalemba kale ndekha kuti anthu aone kuti zikamalizidwa zizioneka chonchi, ndiye uthenga unangobwera kudzati chinthu ndi ichi, malo anu ndi awa. Musawafunse anthu ngati akufuna. Afunseni ngati topiki mwawapatsayo ili bwino kapena asinthane ndi wina.

Ndiye tiyeni tiyambe ndi kugawa matopiki, apa ndi pepala ndi bolopeni, foni isiyeni kaye. Tengani silabasi, kapena pemphani aphunzitsi mndandanda wa zomwe akuphunzitsa kuyambira Folomu 3 mpaka Folomu 4 poti mayeso a MANEB amatenga zaka ziwiri zonsezi, mulembe matopiki onse pansi. Kenako muwerenge anthu amene angathedi kulemba, osati onse a pa gulupu. Ife pa gulupu tinalipo 23 koma okhala ndi foni yotha kutsegula Google Docs komanso oti amabwera kawirikawiri tinali 12, ndiye ndinagawa Bayoloje pa magawo 12 basi. Vuto ndi loti matopiki salingana kukula. Jenetikisi ndi yaikulu ndipo ili ndi masamu ake a kukwatitsa mbewu aja, ukaipereka kwa munthu mmodzi pomwe mnzake wapatsidwa kachinthu ka mapeji atatu ayamba kudandaula kapena angokhala chete osalemba, ndiye ndinaidula pawiri, wina matanthauzo a mawu ndi kukwatitsa, wina kusiyana kwa zamoyo ndi kusintha kwake. Matenda a anthu ndinadulanso pawiri, oyamba ndi tizilombo tolowa m'thupi ngati malungo ndi likodzo kwina, chitetezo cha m'thupi kwina. Timatopiki ting'onoting'ono ndinaphatikiza tiwiri kwa munthu mmodzi. Muyeso wanga unali woti gawo lililonse lithe kulembedwa pa mapeji awiri kapena atatu, munthu akutayipa ndi chala pa foni madzulo awiri kapena atatu, kupitirira apo ndiye mwamusenzetsa katundu woti autula panjira.

Topiki iliyonse ikhale ndi mwini wake mmodzi. Mmodzi ndithu. Mukalemba maina awiri pa topiki imodzi aliyense amadikira mnzake. Koma pakhalenso wachiwiri woona zolakwa, ndipo njira yosavuta ndi kuzungulira: mwini topiki 1 aziona topiki 2, mwini 2 aziona 3, mpaka mwini 12 abwerere kudzaona topiki 1. Palibe kusankha kuti uyu ndi wanzeru azichonga onse, chifukwa wanzeruyo amatopa ndipo enawo amasiya kuwerenga.

Tsopano pa foni. Tsegulani Google Docs, dinani + ali m'munsi kumanja, musankhe New document. Dzina la dokyumenti likhale loti munthu akaliona pakati pa mafayilo ena adziwe pompo, ife tinalemba chonchi:

```
BIOLOGY F3-F4 NOTES - OPEN CLASS
```

Pamwamba penipeni lembani malamulo, ndiwatchula posachedwa, ndipo pansi pake mitu ya matopiki umodzi umodzi. Apa mverani bwino chifukwa ndi pomwe pagona dokyumenti yonse. Mutu musaukulitse ndi kusintha saizi ya zilembo ayi. Lembani mutuwo, ikani chala pa mzerewo, dinani chilembo A chokhala ndi timizere chili pamwamba, pa Text mupite pa Style musankhe Heading 1. Mukatero pa mitu yonse, dinani timadontho titatu ta pakona musankhe Document outline, muona mitu yonse yandandalika ndipo mukadina umodzi foni ikudumphitsani mpaka pamenepo. Dokyumenti ikadzafika mapeji makumi atatu, munthu wofuna za impso sangamaseserekere ndi chala kuyambira pamwamba, akufunika angodina afike. Mutu wongokulitsidwa ndi saizi umaoneka ngati mutu m'maso koma pa Document outline sungaudalire kuti upezeka, ndipo iyi ndi njira yanu yodziwira kuti wina wasokoneza: mukatsegula mndandandawo n'kupeza topiki 7 kulibe, dziwani kuti mwini wake wafufuta mutu n'kulemba wake.

Pansi pa mutu uliwonse ikani chigoba chofanana, kuti munthu asayambire pa peji yoyera, poti peji yoyera imaopsa. Chathu chinali ichi:

```
7. PARASITIC DISEASES
Owner:      Checker:      Due:
Key terms
Main points
Diagram
Past paper questions
Source
```

Timitu tisanu ta mkatito tikhale Heading 2. Pangani kamodzi, kenako kopani n'kumata pansi pa mitu yonse 12, mudzaze maina ndi masiku. Ngati mungapeze laputopu kwa ola limodzi, kwa mnzanu kapena pa malo otayipitsa aja, ntchito iyi imafulumira kwambiri, koma pa foni imathekanso, ine ndinapangira pa foni nditakhala pakhonde usiku chifukwa m'nyumba munali ng'anjo.

Za malamulo a kalembedwe. Ndikupemphani asachuluke, akhale oti munthu awakumbukire ali pa foni yong'aluka sikirini, magetsi atazima. Ine poyamba ndinalemba khumi ndi awiri, palibe anawawerenga. Ndinawadula mpaka asanu ndi limodzi ndipo lililonse lili ndi chifukwa chake.

Loyamba, osasintha mtundu wa zilembo, saizi kapena kala. Zonse Normal text, zakuda. Anthu amakonda kukongoletsa, wina analemba topiki yake yonse ndi zilembo zobiriwira, pa foni zimaoneka bwino ndithu koma titapirinta pa makina a inki yakuda zinatuluka zotuwa zosawerengeka, ndipo amene amadalira mapepalawo ndi anzathu opanda foni aja. Lachiwiri, B wa zilembo zonenepa ndi wa mawu omwe ukuwatanthauzira basi, osati chiganizo chonse, kuti munthu akamabwereza usiku womaliza diso lizigwera pa mawu ofunika. Apa muwachenjeze kuti nyenyezi zija timaika mbali ndi mbali mwa mawu pa WhatsApp kuti anenepe, akakopa n'kumata mu Google Docs zimangobwera nyenyezi zenizeni, ndiye azichotse n'kudina B. Lachitatu, mfundo imodzi mzere umodzi, ndi timadontho, koma manambala ndi a zinthu zokhazo zotsatana ndondomeko, monga ulendo wa magazi mu mtima kapena moyo wa kachilombo, kuti ukaona 1, 2, 3 udziwe kuti ukasinthanitsa pa mayeso waluza malikisi.

Lachinai ndi la chiyankhulo ndipo tinakanganapo pang'ono. Mayeso a Bayoloje amabwera m'Chingerezi ndiye yankho lenileni lilembedwe m'Chingerezi, momwe ungalilembere pa pepala la mayeso. Koma ambirife timamva bwino zikafotokozedwa m'Chichewa, ena m'Chiyao, ndiye tinagwirizana kuti kufotokozera kwa chiyankhulo chathu kuloledwe, kukhale pansi pa mfundoyo, kopendeketsa ndi I, mzere umodzi kapena iwiri. Motero wowerenga amadziwa kuti zowongoka ndi zoloweza, zopendekeka ndi zothandiza kumva. Lachisanu, pa Source ulembe komwe watenga, buku ndi peji, kapena kuti aphunzitsi tsiku lakuti. Popanda ichi mkangano sutha, wina amati zili chonchi wina ayi, koma pakakhala peji mumangotsegula buku nkhani yatha. Lachisanu ndi chimodzi, ndipo ili ndi lalikulu kuposa onse, usafufute kapena kusintha za m'topiki ya mnzako. Waona cholakwa, sankha mawuwo ndi chala, dina Add comment, lemba. Mwini wake ndi amene akonze.

Za zithunzi sindinaziike ngati lamulo palokha koma ndinalemba pa chigoba pomwepo kuti pa Diagram chithunzi chimodzi kapena ziwiri, cha chojambula chokha, osati kujambula peji ya kope yodzaza zolemba. Zifukwa ndi ziwiri. Zithunzi zikachuluka dokyumenti imalemera, pa netiweki yofooka ngati ya anzathu a kumtunda kwa Namwera mvula ikamagwa imangozungulira osatseguka ndipo imadya bandulo. Chachiwiri, mawu a m'chithunzi sungawasake. Mawu otayipidwa umapita pa timadontho titatu, Find and replace, kulemba liwu lomwe ukufuna, foni ikupezera ponse pomwe lili, koma a pa chithunzi amangokhala ngati mulibe. Ndipo pa ma fomula tinati lembani mophweka pa mzere wakewake, osavutika ndi timanambala totsika pansi ngati foni ikuvuta:

```
6CO2 + 6H2O -> C6H12O6 + 6O2
```

Bola aliyense adziwe kuti pa pepala la mayeso timanambala totsatira chilembo, monga 2 wa mu CO2, timatsika pansi.

Musanagawe linki lembani topiki yanu mpaka kumaliza. Ndi chitsanzo ichi chomwe anthu adzatsanzire, kuposa malamulo onse aja. Ine ndinatenga topiki 7, ndipo ndikuonetseni gawo la likodzo poti ndi matenda oti kuno kunyanja tonse tikuwadziwa, takula tikuona ana akukodza magazi ena n'kumati ndi kukula. Pa Key terms ndinaika mawu anai okha ndi matanthauzo ake. Pa Main points moyo wa kachilombo ndinaulemba ndi manambala chifukwa ndi ndondomeko:

```
1. Eggs of Schistosoma haematobium leave the body in urine.
2. In fresh water they hatch into miracidia.
3. Miracidia enter a water snail (Bulinus) and multiply.
4. Cercariae leave the snail and penetrate human skin.
5. Adult worms live in veins around the bladder and lay eggs.
```

Pansi pa nambala 4 ndinapendeketsa mzere wa Chichewa wakuti timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kukoka khoka m'madzi momwe muli nkhono, makamaka m'mabango mosayenda madzi. Pansi pa 5 ndinalemba kuti magazi a mu mkodzo amabwera chifukwa mazira amabaya khoma la chikhodzodzo potuluka. Kenako mtundu wina uja wa m'matumbo, womwe mazira ake amatuluka ndi chimbudzi ndipo umadutsa mwa nkhono ya mtundu wina, mizere iwiri basi, mankhwala ake a pulazikwantelo omwe amagawidwa m'masukulu aja, ndi njira zopewera zitatu, chilichonse cholumikizidwa ndi nambala yomwe chikudula: chimbudzi chimadula nambala 1 ndi 2, kuchotsa nkhono kumadula 3, kusalowa m'madzi oterowo kumadula 4. Zonse zinakwana peji imodzi ndi theka. Anthu ataona anati aa kani ndi zochepa chonchi, ndipo mantha anatha.

Ndikuuzeninso chomwe chinachitika pa topiki yomweyi chifukwa chikuonetsa ntchito ya lamulo lomaliza lija. Bambo wina wa m'kalasi mwathu, msodzi wa ku Malindi, anaika ndemanga pa nambala 4 kuti iye amadziwa kuti likodzo umalitenga ukamwa madzi oipa, ndiye ndikonze. Akanakhala kuti anangofufuta n'kulemba zake, kalasi yonse ikanaloweza zolakwa osadziwa, koma poti inali ndemanga ndinayankha pomwepo kuti bambo onani buku peji yakuti, kolera ndi taifodi ndi zomwe zimadzera kukamwa, likodzo njira yake yodziwika ndi khungu, iwo n'kuvomera, ndipo ndinawonjezera mzere wina wosiyanitsa matenda odzera m'kumwa ndi odzera pakhungu chifukwa ngati iwo anasokoneza ndiye kuti enanso amasokoneza. Ndemanga ikatha mumadina kachizindikiro kochonga kaja kuti ichoke pamaso.

Tsopano kutsegulira anthu chitseko, ndipo apa musapupulume. Dinani Share. Pali maudindo atatu: Viewer amangowerenga, Commenter amawerenga n'kuika ndemanga, Editor amalemba ndi kufufuta. Chophweka chomwe ambiri amachita ndi kuika Anyone with the link pa Editor n'kuponya linki pa gulupu. Musatero chonde. Linki imayenda, wina aitumiza kwa msuweni wake wa sukulu ina, msuweniyo kwa anzake, ndipo aliyense wa iwowa angathe kufufuta theka la manotsi mwangozi foni ili m'thumba, komanso olowa choncho nthawi zambiri amaoneka ndi maina a nyama oyamba ndi Anonymous ndiye simungadziwe kuti wachita ndani. Chitani izi m'malo mwake: eni matopiki 12 aja alembeni mmodzi mmodzi ndi imelo zawo za Gmail ngati Editor, ndipo pa General access muike Anyone with the link koma pa Viewer. Motero onse a pa gulupu akuwerenga, olemba ndi odziwika maina.

Kutolera imelozo ndi kantchito pakokha. Ambiri foni anawatsegulira ndi wogulitsa kapena mwana wawo ndipo imelo yawo saidziwa, akuuzani kuti ndilibe imelo pomwe ali nayo. Auzeni atsegule Play Store, adine kachithunzi kozungulira ka pamwamba kumanja, imelo yalembedwa pamenepo pansi pa dzina, ajambule sikirini akutumizireni panokha osati pa gulupu. Musawapemphe pasiwedi, sikufunika n'komwe. Ndipo awuzeni aike pulogalamu ya Google Docs pa foni, chifukwa popanda iyo linki imatseguka koma kulemba kumavuta. Ife tinachita zonsezi tsiku limodzi kalasi isanayambe, pansi pa mtengo wa mango, mayi wina atatiyatsira intaneti ya pa foni yawo, mphindi makumi atatu onse anali atalowa ndipo aliyense anapeza dzina lake pa topiki yake ine ndikuona. Chitani choncho ngati mungathe, munthu amene walowapo kamodzi maso ndi maso sabwereranso ndi zoti sizikutseguka.

Ndiye uthenga uja tsopano. Ukhale umodzi, osati timauthenga khumi totsatizana toti pakati pake wina alowetsapo nkhani ya mpira. Uyambe ndi vuto lomwe onse akulidziwa, utchule chomwe mwapanga kale, chomwe munthu achite ndi tsiku lake, basi. Malamulo musawalembe onse mu uthenga, ali kale pamwamba pa dokyumenti, tchulani awiri okha ofunikitsitsa. Wanga unali uwu:

"Akuluakulu ndi anzanga nonse, mwaswera bwanji. Manotsi a Bayoloje akumatisowa pa gulupu pano chifukwa zithunzi zimakwiririka, ndiye ndapanga dokyumenti imodzi yoti tonse tiziwerenga, linki ndi iyi. Ndagawa matopiki 12, dzina la aliyense lili pansi pa topiki yake, mndandanda ndaikanso m'munsimu. Topiki 7 ndalemba kale kuti muone kukula kwake, ndi mapeji awiri atatu basi. Ngati topiki yanu simukuimva bwino sinthanani ndi mnzanu mundiuze pofika Lachinai madzulo, likadutsa Lachinai ndiye kuti mwavomera. Matopiki 1 mpaka 6 athe Lachitatu la sabata ya mawa, 8 mpaka 12 Lachitatu linalo. Malamulo ali pamwamba pa dokyumenti, akulu ndi awiri: osasintha mitu ndi makala, osafufuta za mnzako, ikani ndemanga. Amene mulibe foni yotere musadandaule, Loweruka lililonse ndizitumiza PDF pano ndipo tizisonkha kupirinta. Yankhani ndi nambala ya topiki yanu kuti ndidziwe kuti mwaona."

Onani mzere womalizawo. Sindinati yankhani ngati mwagwirizana nazo, ndinati yankhani ndi nambala. Munthu akalemba 4 ndiye kuti watsegula, wapeza dzina lake, wavomera pamaso pa onse, ndipo inu mukungowerenga manambala omwe sanabwere n'kudziwa woti mumuimbire. Kwa ife sanabwere atatu, awiri analibe bandulo, mmodzi anali kumaliro. Onaninso moni, m'kalasi ya openi muli anthu oti ndi makolo, ena ndi akulu kuposa aphunzitsi, ndiye uthenga usamveke ngati kapitawo akugawa ntchito, mawu oti sinthanani ndi mnzanu aja amapatsa munthu ulemu woti wasankha yekha. Ndipo masiku sankhani moganiza: Lachisanu masana anzathu ambiri ali ku mzikiti, Lamulungu m'mawa ena ku tchalitchi, Loweruka a geni ali pa msika tsiku lonse, n'chifukwa chake ine ndinaika Lachitatu. Ndinagawanso masiku pawiri dala kuti oona zolakwa asapanikizike sabata imodzi. Tumizani madzulo anthu atadya, osati m'mawa pomwe aliyense akuthamanga, ndipo mupemphe adimini aukhome pamwamba ndi Pin kuti usakwiririke ngati zithunzi zija.

Nkhani ya bandulo musaibise. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha ndipo imeneyo siitsegula Google Docs, munthu adina linki, ikana, iye n'kuganiza kuti linki ndi yowonongeka. Muwauze poyera kuti pakufunika bandulo ya intaneti wamba, koma yochepa, poti mawu okha sadya zambiri. Ndipo aphunzitseni ichi: atatsegula dokyumenti, timadontho titatu, ayatse Available offline. Akatero angathe kuwerenga ndi kulemba opanda netiweki, zolembazo zimadzakwera zokha akadzayatsa data. Apa ndi pomwenso lamulo la mwini mmodzi limathandiza, chifukwa anthu awiri akamasintha ndime imodzi onse ali opanda netiweki, podzalumikizana mawu amatha kulowererana n'kusokonekera, koma ngati aliyense ali m'munda mwake palibe kugundana. Chenjezo limodzi, wolemba opanda netiweki asachotse pulogalamuyo kapena kupukuta foni asanayatse data n'kuona kuti zakwera, apo ayi ntchito yake ipita. Njira yodziwira ndi yophweka, afunse woona zolakwa wake kuti kodi ukuziona kwako.

PDF ya Loweruka ija mumapanga chonchi: timadontho titatu, Share & export, Save as, musankhe PDF, kenako muitumize pa gulupu ngati fayilo. Iyi ndiyo imafika kwa a bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo ndi yomwe mumapita nayo kopirintitsa. Dzina lake muikemo tsiku, kuti munthu asawerenge ya sabata zitatu zapitazo momwe cholakwa chinali chisanakonzedwe. Pirintani matopiki okhawo omwe aonedwa kale ndi woona zolakwa, ife tinkadziwa chifukwa akamaliza amalemba CHECKED pafupi ndi dzina lake. Pepala likatuluka ndi cholakwa silibwezeka, limayenda mpaka ku Monkey Bay.

Tsiku lina zidzafufutika ndithu, konzekerani. Kwa ife mayi wina mwana wawo anatenga foni, m'mawa tinapeza topiki 3 ndi theka la topiki 4 kulibe, mayiwo mtima uli m'mwamba akupepesa. Musakalipe, ndipo musayambe kulembanso. Pezani kompyuta, tsegulani dokyumenti, File, Version history, See version history. Kumanja kubwera mndandanda wa masiku ndi maola ndi maina a omwe anasintha, dinani la dzulo madzulo muona zonse zilipo. Koma apa samalani, pali batani la Restore this version ndipo limakopa kudina, mukalidina dokyumenti yonse ibwerera momwe inalili nthawi imeneyo, kutanthauza kuti zomwe ena alemba usiku ndi m'mawa m'matopiki awo zichoka pa peji. Chabwino ndi kusankha gawo lotayikalo mu mbiri yakaleyo, kulikopa, kubwerera ku dokyumenti ya lero n'kulimata pamalo pake, kenako muone pa Document outline ngati mitu 3 ndi 4 yabwerera. Zinatitengera mphindi khumi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndikamapanga PDF ndimapatsanso dzina mbiri ya tsikulo pa kompyuta ndi Name current version, kuti posaka ndisamasochere m'maola ambirimbiri.

Chomaliza chomwe mudzakumane nacho ndi topiki yokhala mbee tsiku litakwana. Musamutchule munthu pa gulupu, muimbireni kapena mukumane naye pa geti. Kawirikawiri si ulesi, ndi kutayipa komwe kukumuvuta, ena zala zawo zinazolowera ntchito zina ndipo kiyibodi ya foni imawasinthira mawu a sayansi kukhala zina. Woteroyo muuzeni alembe pa pepala motsatira chigoba chomwe chija, timitu tomwe tija, abweretse, woona zolakwa wake atayipe, dzina la mwini likhalebe pomwepo. Ngati wasowa ndithu masiku atatu atadutsa osayankha, woona zolakwa atenge topikiyo ndipo inu mukhale woona wake, musinthe maina pa mzere wa Owner kuti onse adziwe wofunsa. Ife zinatichitikira pa topiki 10 yokha. Ndipo anthu akayamba kupempha kuti tiikemonso Agirikacha ndi Jogirafe, musaziike m'dokyumenti yomweyo, pitani pa Make a copy, fufutani zam'kati musiye malamulo ndi chigoba, sinthani dzina, ndipo wina osati inu akhale woyang'anira wake ndi kutumiza uthenga wake.